Kalembedwe ka lipoti la miyezi itatu lopita kwa opereka thandizo

Kota iliyonse ikamatha, anzathu a m'mabungwe ang'onoang'ono kuno ku Zomba amafunsa funso lomwelomwelo: lipoti lija tiyambire pati? Ena amafunsa kutatsala masiku awiri, ena amafunsa lipoti litabwezedwa kale ndi mafunso khumi ndi awiri. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi pano, wofunsa ndizingomulozera.

Mfundo yaikulu ndi iyi. Lipoti lili ndi magawo atatu, la ntchito, la ndalama ndi la zimene mwaphunzira, koma amene akukaliwerenga amalitenga ngati nkhani imodzi. Amayala tsamba la ntchito kumanzere, tsamba la ndalama kumanja, n'kumayang'ana ngati masamba awiriwo akunena zofanana. M'mabungwe ambiri gawo la ntchito amalemba a m'fildi, la ndalama amalemba akauntanti, ndipo awiriwa amakumana tsiku lotumiza. Malipoti ambiri amene amabwezedwa amagwera pamenepo.

Kuti tisamalankhule za m'malere, tiyerekeze bungwe lina limene likuchita pulojekiti ya mbuzi zopatsirana kwa T/A Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Manambala onse a bungweli ndi ongoyerekeza. Pulojekiti ndi ya miyezi 12, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Analonjeza kuti mabanja 60, m'magulu anayi a anthu 15, alandira mbuzi zazikazi zitatu banja lililonse, kuphatikiza atonde 12 ogwiritsa ntchito pagulu. Lipoti limene tikukonza ndi la Epulo mpaka Juni.

1. Yambani ndi mgwirizano, osati lipoti la kota yatha

Tulutsani mapepala anayi: mgwirizano umene munasayinirana, pempho limene munalemba popempha ndalama, bajeti yovomerezedwa, ndi logifuremu. Logifuremu ndi tebulo lija limene limaonetsa zimene munalonjeza, chizindikiro choyezera chilichonse, ndi nambala imene munati mudzafika. Ngati bajeti inasinthidwapo, gwiritsani ntchito yomaliza imene opereka thandizo anavomera polemba, osati imene munangokambirana pafoni.

Mu mgwirizano fufuzani zinthu izi ndipo muzilembe papepala limodzi: tsiku lomaliza kutumiza, fomu imene akufuna, ndalama imene muwerengere (kwacha, dola kapena ina), mlingo umene mungapyole pa mzere umodzi wa bajeti osapempha chilolezo, ndiponso ngati akufuna malisiti enieni kapena zithunzi zake. Ambiri amapereka masiku 15 kapena 30 kota ikatha, ndipo ambiri amalola kupyola ndi 10 peresenti pa mzere, koma lamulo limene likukumangani ndi la mu mgwirizano wanuwo.

Samalaninso ndi nyengo ya lipoti. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo, cha bungwe lanu mwina chimayamba mu Januwale, ndipo cha pulojekiti chimayamba tsiku limene lili mu mgwirizano. "Kota yachiwiri" ingatanthauze miyezi itatu yosiyana kwa anthu atatu a mu ofesi imodzi. Lembani masiku enieni pamwamba: 1 Epulo mpaka 30 Juni.

2. Tsekani mabuku ndipo sonkhanitsani umboni musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi

Sabata yoyamba kota ikatha si yolemba. Ndi yotolera. Akauntanti atenge sitetimenti ya ku banki yofika pa 30 Juni, awerenge ndalama ya m'kabokosi pamaso pa mboni, ndipo aitanitse malisiti kwa aliyense amene anatenga adivansi. A m'fildi abweretse ndandanda za anthu amene anafika pa maphunziro, kaundula wa amene analandira mbuzi, ndi mabuku a makomiti a magulu.

Vuto limene limabwera kawirikawiri pa ntchito ngati iyi ndi lakuti mlimi wogulitsa mbuzi pa msika wa Jali kapena pakhomo pake alibe buku la malisiti. Musagule buku la malisiti m'shopu n'kumalemba nokha ngati analemba ndi iye. Odita amaziona msanga, chifukwa malisiti makumi atatu a anthu osiyana amakhala ndi kalembedwe ka dzanja limodzi, manambala ake ali otsatizana. Konzani fomu ya bungwe yolandirira ndalama. Ikhale ndi tsiku, dzina la wogulitsa, mudzi wake, nambala ya chiphaso cha unzika, chiwerengero cha mbuzi, mtengo wa imodzi, ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu, siginecha kapena chidindo cha chala, ndi siginecha ya mboni, monga mlangizi wa ziweto amene anayeza mbuzizo. Ngati munalipira pafoni, sungani uthenga wotsimikizira n'kuuphatika ku fomuyo. Ngati mbuzi zinachokera kutali, kalata ya chilolezo choyendetsera ziweto ilowenso mu fayilo, chifukwa imatsimikizira tsiku ndi chiwerengero.

3. Lembani za ntchito, koma siyanitsani zimene munachita ndi zimene zasintha

Pa fomu zambiri mupeza mitu iwiri, `Outputs` ndi `Outcomes`. Woyamba ukufunsa zimene zatuluka m'manja mwanu: mbuzi zingati zagawidwa, anthu angati aphunzitsidwa. Wachiwiri ukufunsa zimene zasintha kwa anthuwo chifukwa cha zimenezo. Kulemba kuti "tinachititsa maphunziro anayi a kasamalidwe ka mbuzi" pansi pa mutu wachiwiri ndi kuyankha funso limene sanafunse. Yankho lake ndi lakuti angati mwa ophunzirawo akuchita zimene anaphunzira.

Pa chizindikiro chilichonse cha mu logifuremu perekani manambala anayi: poyambira, chandamale, za kota ino, ndi zonse kuchokera pamene pulojekiti inayamba. Kenako nenani kumene nambalayo mwaitenga. Pa bungwe lathu lija zikhala motere. Mabanja olandira mbuzi: chandamale 60, afika 50, malinga ndi kaundula wosayinidwa. Mbuzi zazikazi: chandamale 180, zagawidwa 150, zafa 11, zamoyo pa 30 Juni ndi 139. Mabanja okhala ndi khola la m'mwamba: poyamba analipo 7 mwa 60, tsopano ndi 41 mwa 50 amene alandira mbuzi, malinga ndi ulendo woyendera khomo ndi khomo wa sabata yomaliza ya Juni. Nambala yomalizayi ndiye kusintha kwenikweni, chifukwa khola anamanga okha ndi mitengo yawo, inu munangophunzitsa.

Onani kuti 7 uja ndi wa mwa 60 pomwe 41 ndi wa mwa 50. Peresenti yopanda kunena kuti ndi ya mwa angati imasocheretsa. Lembani "41 mwa 50", kenako peresenti ibwere pambuyo ngati mukufuna.

Zolakwika ziwiri zimene zimabwerezedwa apa. Choyamba ndi kuwerenga munthu kawiri. Ngati anthu 60 omwewo anaphunzira za khola mu Epulo n'kuphunziranso za matenda mu Meyi, mwaphunzitsa anthu 60, osati 120. Yerekezani mayina a pa ndandanda ziwirizo. Chachiwiri ndi kuthamangira kulonjeza kusintha kumene nthawi yake sinakwane. Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi isanu. Mbuzi zimene zagawidwa mu Meyi sizingakweze chuma cha banja pofika mu Juni, ndipo wowerenga amene amadziwa ziweto akaona chiganizo chotero amayamba kukayikira lipoti lonse. Lembani kuti chizindikiro cha ndalama za pabanja sichinayezedwe kota ino, nenani chifukwa, ndipo tchulani mwezi umene mudzayeze.

Gawani manambala monga anapemphera, amayi ndi abambo, achinyamata, anthu aulumali. Ngati mukuika nkhani ya munthu mmodzi, ikhale imodzi, yaifupi, ndipo isalowe m'malo mwa manambala. Mawu amene mayi analankhula m'Chichewa kapena m'Chiyao amasuliridwe monga anawanenera, osawakometsera mpaka kumveka ngati a mu pempho lanu. Dzina ndi chithunzi chake zilowe pokhapokha atavomera, ndipo chilolezocho chisungidwe cholembedwa.

4. Onetsani kumene kuli tambala iliyonse

Musanayerekeze ndi bajeti, yankhani kaye funso losavuta: ndalama imene yatsala ili kuti? Bungwe lathu linali ndi K2,100,000 pa 1 Epulo. Linalandira K23,000,000. Zonse pamodzi K25,100,000. Lagwiritsa ntchito K22,620,000 yokhala ndi malisiti. Ndiye kuti yotsala iyenera kukhala K2,480,000.

Sitetimenti ya ku banki ikuonetsa K2,130,000. Pali cheke cha K400,000 chimene munalembera wogulitsa mankhwala pa 28 Juni koma sanakachisinthe, choncho ndalama yanu yeniyeni ku banki ndi K1,730,000. M'kabokosi muli K150,000. Pali adivansi ya K600,000 imene mlangizi wa m'fildi anatenga ya maphunziro a gulu lachinayi, malisiti sanabwere. Kuphatikiza zitatuzi kukupereka K2,480,000. Zagwirizana.

Zikapanda kugwirizana, musaike mzere wa "zina ndi zina" kuti mutseke dzenje. Fufuzani malo amene ndalama imakonda kubisala: ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi zimene simunalembe mu kashibuku, chiwongoladzanja chimene banki inawonjezera, msonkho umene munadula polipira mwini lole koma simunaupereke ku MRA, lisiti limene lalowetsedwa kawiri, kapena ndalama imene inabwerekedwa kuti ikalipire za pulojekiti ina. Ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, yang'anani nambala imene yalembedwa mozondoka, monga 54,000 m'malo mwa 45,000.

Adivansi si ndalama yogwiritsidwa ntchito. Imasanduka yogwiritsidwa ntchito tsiku limene malisiti abwera n'kuvomerezedwa. Anthu amakonda kuilowetsa msanga kuti lipoti lioneke ngati ndalama ikuyenda, kenako mlangizi akabweza chenji cha K35,000 mu Julayi, lipoti la Juni limakhala labodza.

Ngati mgwirizano uli m'madola, gwiritsani ntchito mtengo wosinthira umene mgwirizano ukunena. Nthawi zambiri ndi mtengo umene banki inasinthira tsiku limene ndalama inalowa, ndipo kalata ya ku banki yoonetsa mtengowo iyenera kulowa mu lipoti. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bungwe limene linalandira madola pambuyo pake linapeza makwacha ambiri kuposa a mu bajeti. Makwacha owonjezerawo si mphatso ya bungwe. Ndi a pulojekiti, aonekere mu lipoti, ndipo mupemphe kaye musanawagwiritse ntchito.

5. Yalani ndalama pambali pa ntchito, mzere ndi mzere

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene muyenera kutherapo nthawi yambiri. Akauntanti ndi woyang'anira ntchito akhale pa tebulo limodzi, masana athunthu, foni atazimitsa. Tebulo la bungwe lathu ndi ili:

| Mzere | Bajeti | Zagwiritsidwa ntchito | Kusiyana |
|---|---|---|---|
| Mbuzi zazikazi | K14,400,000 | K14,400,000 | 0% |
| Atonde | K1,440,000 | K1,350,000 | -6% |
| Maphunziro | K1,800,000 | K1,200,000 | -33% |
| Mankhwala a ziweto | K900,000 | K1,170,000 | +30% |
| Mayendedwe | K1,200,000 | K1,500,000 | +25% |
| Malipiro ndi za ofesi | K3,000,000 | K3,000,000 | 0% |
| Zonse | K22,740,000 | K22,620,000 | -0.5% |

Mu Excel, ngati bajeti ili mu B ndipo zogwiritsidwa ntchito zili mu C, kusiyana kumapezeka motere, bokosi la yankho mutaliika kuti lizionetsa peresenti:

```
=(C2-B2)/B2
```

Munthu wongoyang'ana mzere wa pansi anena kuti zonse zili bwino, ndalama yayenda pafupifupi yonse monga anakonzera. Koma mzere woopsa kwambiri pa tebuloli ndi woyamba, umene ukuonetsa 0. Bajeti inati mbuzi 180 pa K80,000 imodzi. Zimene zachitika ndi mbuzi 150 pa K96,000 imodzi. Ndalama ndi yomweyo ndendende, koma mbuzi 30 palibe, ndipo mabanja 10 amene anamanga makola akudikirabe. Tebulo la ndalama palokha silingaonetse zimenezi. Choncho pa mzere uliwonse funsani mafunso awiri, osati limodzi: tagwiritsa ntchito gawo lanji la ndalama, ndipo tachita gawo lanji la ntchito? Apa ndalama ndi 100 peresenti, ntchito ndi 83 peresenti. Manambala awiriwa akatalikirana, pali nkhani yofunika kufotokoza ngakhale fomu isakufunseni.

Kusiyana kulikonse kumachokera ku chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zingapo pamodzi: mtengo wasintha, kuchuluka kwasintha, kapena nthawi yasintha. Kufotokoza kwabwino kumanena kuti ndi chiti, chifukwa chake, zotsatira zake pa chandamale, ndi zimene muchite. Chiganizo chakuti "mitengo inakwera chifukwa cha kukwera kwa zinthu" sichithandiza aliyense. Lembani chonchi:

"Mbuzi yaikazi tinaiwerengera K80,000 malinga ndi mitengo ya m'miyezi ya njala, pamene alimi ambiri amagulitsa ziweto. Tinagula mu Meyi ndi Juni, anthu atakolola ndiponso Idi ya nsembe ikuyandikira, ndipo mtengo unafika pa K96,000. Makotesheni ndi mafomu a ogulitsa ali mu zowonjezera. Tagula 150 m'malo mwa 180. Mabanja 10 a gulu lachinayi sanalandire. Kuti alandire pakufunika K2,880,000 pa mtengo wa lero. Pempho lathu lili m'gawo la mapulani."

Mzere wa maphunziro ndi wotembenuka. Ntchito yachitika yonse, anthu 60 aphunzira, koma ndalama ikuonetsa magawo awiri okha mwa atatu. Wowerenga akapanda kuuzidwa aganiza kuti mwina gulu lina silinaphunzire ndipo nambala ya 60 ndi yokokomeza, kapena kuti munakweza bajeti dala. Chiganizo chimodzi chikwanira: maphunziro a gulu lachinayi anachitika sabata yomaliza ya Juni ndi adivansi ya K600,000, malisiti ake aonekera mu lipoti la kota yachitatu. Uku ndi kusiyana kwa nthawi chabe, si ndalama yopulumutsidwa. Musaiwerengere ngati ndalama yogulira mbuzi zotsala zija.

Mizere ya mankhwala ndi mayendedwe yapyola 10 peresenti. Ngati mgwirizano umafuna chilolezo chisanachitike, ndipo munapempha, tchulani tsiku la imelo yovomera ndipo muiphatike. Ngati simunapemphe, nenani choncho poyera, fotokozani chimene chinachitika, ndipo pemphani kuti avomere. Akhoza kukana n'kunena kuti ndalama yopyolayo ibwezedwe ndi bungwe, zimenezo zimachitika. Koma chimene chimathetsa ubale ndi china: kusamutsa malisiti a mafuta n'kuwaika pa mzere wa maphunziro kuti mizere yonse ioneke yosalala. Odita akapeza lisiti la dizilo ya lole pansi pa maphunziro, nkhani imachoka pa kupyola bajeti n'kukhala ya kukhulupirika.

Mukayang'anitsitsa muona kuti mizere itatu, ya mbuzi zazikazi, ya mayendedwe ndi ya mankhwala, ndi nkhani imodzi. Mbuzi zitadula komanso kusowa m'misika yapafupi, bungwe linakagula 40 kunja kwa boma la Zomba. Zimenezo zinakweza ndalama ya lole. Mbuzizo zinafika zofooka, zambiri zinadwala, ndipo mankhwala anagulidwa ochuluka. Mukazifotokoza ngati nkhani imodzi, wowerenga amaona kuti mukudziwa chimene chikuchitika mu pulojekiti yanu. Mukazimwaza m'mabokosi atatu osalumikizana, amaona mavuto atatu.

Kenako chitani mosinthanitsa. Tengani ntchito iliyonse imene yatchulidwa m'gawo la ntchito n'kufunsa kuti ndalama yake ili pa mzere uti. Ngati mwalemba kuti munachititsa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, kapena munakafotokoza za pulojekiti ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe pa khonsolo, koma palibe ndalama ya thiransipoti kapena zakumwa, nenani amene analipira. Mwina ndi pulojekiti ina, mwina anthu anadzipereka. Zonsezo ndi zololedwa, chofunika n'kuti zinenedwe, kuopa kuti opereka thandizo awiri angaganize kuti aliyense analipira msonkhano womwewo.

6. Zimene mwaphunzira zichokere mu gawo lachisanu

Gawo la `Lessons learned` ndi limene limalembedwa mwaulesi kuposa onse. Mudzapezamo ziganizo monga "kugwira ntchito ndi mafumu n'kofunika" kapena "mvula imasokoneza ntchito". Aliyense amadziwa kuti msewu wa fumbi wolowera kunyanja umavuta m'dzinja. Chimenecho si chinthu chimene mwaphunzira kota ino.

Phunziro lenileni lili ndi mbali zinayi: zimene tinkayembekezera, zimene zinachitika, chifukwa chake, ndi zimene tasintha. Likasowa mbali yomaliza ndi dandaulo chabe. Pa bungwe lathu, manambala a imfa za mbuzi akulankhula okha mukawagawa. Mwa mbuzi 110 zogulidwa m'midzi ndi m'misika yapafupi zafa 2. Mwa 40 zochokera kutali zafa 9. Ndiye mulemba kuti: tinkaganiza kuti mbuzi ndi mbuzi, kulikonse kumene yagulidwa. Zochokera kutali zinayenda maola ambiri pa lole yodzaza, n'kugawidwa tsiku lomwelo osapumula. Kuyambira tsopano tizigula pafupi, ndipo tikakakamizika kugula kutali, mbuzi zizisungidwa kaye pamalo amodzi kwa milungu iwiri, mlangizi wa ziweto akuziyang'anira ndi kuzimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, tisanagawe. Ngati chifukwa cha imfazo chinatsimikizidwa ndi mlangizi, phatikani lipoti lake. Ngati ndi maganizo anu chabe, lembani kuti ndi zimene mukuganizira.

Maphunziro awiri kapena atatu otere akwanira. Chachiwiri chingakhale cha mtengo: bajeti ya ziweto iziwerengeredwa pa mtengo wa mwezi umene mudzagule, osati mwezi umene mukulemba pempho.

Ena amaopa kuti kulemba za mbuzi zakufa kudzachititsa kuti thandizo liime. Maganizo anga ndi akuti kubisa ndiko koopsa. Opereka thandizo amabwera kudzayendera, amalowa m'mudzi, amafunsa mayi kuti analandira zingati ndipo zatsala zingati. Nkhani yoipa yaikulu, monga kubedwa kwa ndalama kapena kuchitiridwa nkhanza kwa wina m'pulojekiti, yokhayo siyembekezera lipoti la kota. Migwirizano yambiri imafuna kuti munene msanga, m'masiku ochepa.

7. Nenani zimene mukupempha, momveka, pamalo amodzi

Mapulani a kota yotsatira asakhale kukopera za mu pempho loyamba. Asonyeze zimene zasintha. Bungwe lathu lili ndi zopempha zitatu. Choyamba, kuvomera kupyola kwa mizere iwiri ija, K270,000 ndi K300,000. Chachiwiri, njira yopezera K2,880,000 ya mabanja 10: kaya kusamutsa kuchokera pa mzere wina umene mwautchula dzina, kaya kuvomera kuti mabanjawo akhale oyamba kulandira pa kupatsirana.

Chachitatu n'chimene ambiri amachiona mochedwa. Mbuzi zimene zatenga bere mu Meyi kapena Juni zibereka cha mu Okutobala kapena Novembala. Ana ake ayenera kuyamwa ndi kukula kwa miyezi ingapo asanaperekedwe kwa banja lina. Ndiye kuti kupatsirana kwenikweni kuchitika chaka chamawa, pulojekiti itatseka mu Disembala. Ngati logifuremu ikuti mabanja achiwiri alandire pulojekiti isanathe, nenani lero kuti sizitheka, ndipo pemphani kuwonjezera nthawi popanda kuwonjezera ndalama, kapena kusintha chandamale. Pempho lotere likabwera mu Julayi limakambidwa. Likabwera mu Disembala nthawi zambiri limakanidwa, chifukwa nawonso ali ndi akuluakulu awo ofuna kuuzidwa nthawi ilipo. Dziwaninso kuti kulemba pempho mu lipoti si kuvomerezedwa. Tumizani imelo yapadera yobwereza zopemphazo, ndipo musagwiritse ntchito ndalama mwa njira yatsopanoyo yankho lolembedwa lisanabwere.

8. Sanjani, unikani, tumizani

Ngati anakupatsani fomu, itsatireni momwe ilili, osachotsa mutu, osasintha manambala a zizindikiro. Pamene palibe chonena lembani kuti sizinachitike kota ino ndi chifukwa chake. Ngati fomu palibe, sanjani motere: tsamba la mutu lokhala ndi nambala ya mgwirizano ndi masiku, chidule, tebulo la zizindikiro ndi kufotokoza kwake, ndalama, mavuto ndi zimene mwaphunzira, mapulani ndi zopempha, zowonjezera.

Chidule chilembedwe pomaliza ndipo chisapyole theka la tsamba. Pali anthu amene adzawerenga chokhacho. Chinene manambala atatu kapena anayi akuluakulu, vuto lalikulu, ndi zimene mukupempha. Mbiri ya bungwe ndi kufotokoza za umphawi wa m'dera zisiyeni, anaziwerenga kale mu pempho.

Pounika, perekani lipoti kwa munthu wa mu ofesi amene sanalilembe, mumupatse cholembera, azunguze nambala iliyonse n'kuifufuza paliponse pamene yabwerezedwa. Ngati chidule chikuti mabanja 50, tebulo likuti 50, kaundula wa mu zowonjezera akhalenso ndi mayina 50. Aonenso ngati nambala ya "zonse kuchokera poyamba" ikufanana ndi ya lipoti latha kuphatikiza ya kota ino, komanso ngati ndalama yoyambira pa 1 Epulo ndi yomweyo imene munanena kuti yatsala pa 31 Malichi. Amene amakopera lipoti lakale amaiwala kusintha masiku a pamwamba pa tsamba, ayang'anenso pamenepo.

Malisiti apatseni manambala ofanana ndi a mavawucha a mu kashibuku, muwasanje motsatira mizere ya bajeti, kuti wofuna lisiti la lole alipeze osakufunsani. Malisiti a pamalo omwetsera mafuta ndi a m'mashopu akuluakulu amafufutika pakapita miyezi, choncho ajambuleni kapena kuwafotokopa sabata yomwe abwera. Lipoti la ndalama lisayinidwe ndi amene analikonza ndi amene analivomera, anthu awiri osiyana. Tumizani gawo la ntchito ngati PDF, la ndalama ngati PDF yosayinidwa pamodzi ndi fayilo ya Excel imene mafomula ake akugwira, ndipo dzina la fayilo linene bungwe, pulojekiti ndi miyezi.

Konzani zotumiza kutatsala masiku awiri, chifukwa magetsi ndi netiweki sizidziwa tsiku lanu lomaliza, ndipo mafayilo a malisiti amakhala olemera. Mukaona kuti simukwanitsa, pemphani masiku owonjezera tsikulo lisanafike, n'kutchula tsiku latsopano. Mukatumiza, pemphani kuti akuyankheni kuti alandira, ndipo imelo imeneyo muisunge mu fayilo ya pulojekiti limodzi ndi mafunso amene adzakufunseni ndi mayankho anu. Ndalama ya gawo lotsatira kawirikawiri imatuluka lipoti likavomerezedwa, osati likangolandiridwa, ndiye mafunso akabwera ayankheni m'masiku awiri kapena atatu, limodzi ndi limodzi, motsatira manambala amene iwo anaika.